Tebulo Langa Lomwe Linapita Kumbuyo kwa Chitseko

Tebulo langa linali pakhomo penipeni pa kaofesi kathu koombolera katundu, pamalire a Mwanza. Madalaivala ochokera ku Zobue ankafikira kwa ine, mapepala m'manja, fumbi m'maso. Amene amalandira madalaivala ndiye amadziwika, ndipo wodziwika ndiye amakwezedwa pantchito. Ndinagwira zaka zambiri pamenepo popanda dandaulo.

Kenako ndinakhala ndi pakati.

Lolemba lina ndinapeza tebulo langa lili kumbuyo kwa chitseko, pafupi ndi ketulo. Pakhomo panali mnzathu wamwamuna yemwe ndinamuphunzitsa ndekha ntchito.

"Amayi, muzipumako," anatero abwana. "Madalaivala ndi aukali. Ntchito imeneyi ndi ya amuna, inu mudzatithokoza."

Ndinathokozadi, tangoganizani! Kunena zoona, ndinkaona ngati andichitira chifundo. Kwathu timati mkulu akakukomera mtima umawomba m'manja, sufunsa. Koma mwezi utatha, kumaphunziro a pakompyuta kunapita amuna okhaokha, ine n'kumawiritsa tiyi wa alendo ndi mimba yanga.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wachisilamu wogwira ntchito muofesi yoyandikana nayo. Iye anamenyerapo nkhondo mpango wake wakumutu, abwana ake atati ukuthawitsa makasitomala.

"Asisi, dokotala ananena kuti simungathe ntchito?" anandifunsa.

"Ayi."

"Munalakwitsa chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye si chifundo chimenecho, ndi tsankho. Lembani. Tsiku, mawu awo enieni, amene analipo. Zoti abwana ndi oipa mtima musalembe, kuofesi ya zantchito sakufuna mkwiyo wanu, akufuna zimene zinachitika."

Zinandivuta. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo tsamba loyamba linali lodzaza matemberero. Ndinaling'amba. Ndinayambanso, mtima ukuwira koma dzanja lili phee: tsiku lakuti, m'mawa, tebulo lasunthidwa, ananena zakuti, mlonda ndi mlembi anamva. Uthenga wa pafoni wochokera kwa abwana woti "maphunzirowa akufuna anthu opanda zolemetsa" ndinaujambula n'kuusunga kunyumba, osati mudirowa ya kuntchito.

Ndinayamba ndalembera abwana omwewo kupempha kuti andibwezere malo anga, kope lina n'kusunga. Anaseka. Ndipamene ndinakwera kabaza kupita kuofesi ya zantchito paboma.

Tsiku lotiyitanira tonse, abwana anabwera atavala jekete.

"Ife timangomuthandiza mayiyu," anatero. "Zoti ntchito ndi ya amuna sindinanenepo."

Mkulu wa zantchito anawerenga tsiku ndi mawu aja mokweza, kenako uthenga wa pafoni. Anafunsa ngati aitane mlonda. Abwana anayang'ana nsapato zawo.

"Thandizo limene munthu sanapemphe, lomuchotsa pamalo pake chifukwa cha mimba, lamulo sililitcha thandizo," anatero mkuluyo.

Sindinganame kuti zonse zinakoma. Abwana anatha miyezi osandipatsa moni, ndipo zinkandiwawa. Maphunziro aja anandidutsa, ndinakachita ulendo wotsatira.

Koma tebulo linabwerera. Mlonda atafuna kulinyamula yekha, ndinagwira mbali ina.

"Amayi, ndi mimbayo?" anadabwa.

"Gwirani uko, achimwene," ndinatero. "Madalaivala akudikira."