Kalata ya mawaya imene sindinatumize

Pa ofesi pathu tinkawaitana kuti a Lembani. Ukawauza kuti chitsulo ichi n'cholimba, kapena kuti katundu afika Lachitatu, ankangogwedeza mutu n'kukupatsira cholembera. Anali mmisiri wa mawaya, bambo wamfupi wa imvi, woyenda motsimphina. Ntchito anaiyambira pa mapolo a telefoni ali mnyamata, ndipo mwendowo anauthyolera komweko, lamba wodzimangira pa polo atawadukira m'mwamba. Wosunga zida anali atawatsimikizira ndi pakamwa kuti lambayo ndi watsopano. Atachira anasiya kukwera mapolo. Akazi awo anamwalira msanga, iwo n'kulera okha ana aakazi atatu, ndipo za netiweki ya makompyuta anaziphunzira zaka makumi asanu zitakwana kale, akuwerenga mabuku ndi magalasi othyoka omangidwa ndi kawaya.

Sanali olembedwa kwathu. Tinkawaitana pakagwa ntchito, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi abwana sanaitanepo wina. Ine ndimayang'anira ofesi ya kampani yoyeza malo: makiyi, mapepala, zogula, zonse zimadzera pa desiki panga.

Titatenga zipinda zapamwamba, panafunika kuyala mawaya atsopano a netiweki. A Lembani anayenda chipinda ndi chipinda ndi tepi, kenaka anandibweretsera kalata yolemba pamanja kuti ndiitaipe, ndiitumize kwa wogulitsa tisanaitanitse kanthu. Inali yaifupi ndi yaulemu. Inkapempha kuti wogulitsayo alembe n'kusainira kuti wayayo ndi wa mtundu wotchedwa Cat6, aphatikizenso pepala lochokera kwa opanga. Inkafunsa ngati mkati mwake ndi kopa yekhayekha, osati aluminiyamu wongokutidwa kopa pamwamba, ndi kunenepa kwa timawaya take. Inkafunsanso mmene chikopa chake chimapiririra moto, poti waya ankadutsa m'siling'i. Anandifotokozera kuti mafoni athu ndi makamera amalandira magetsi kudzera pa waya yemweyo, ndiye aluminiyamu amataya mphamvu panjira, amafunda, ndipo sachedwa kuthyoka.

Vuto linali loti wogulitsayo anali alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Ndi amene anandisunga kwawo bambo atamwalira, ndipo ngakhale lero amanditcha "mwana wathu woyamba". Kalatayo ndinaitaipa, ndinaidinda, ndinaiika mu envulopu. Koma poganiza zoti alamu aiwerenga n'kufunsa achemwali ngati tsopano ndayamba kuwayesa akuba, sindinaitumize. Ndinaikankhira pansi pa mafaelo, n'kuwaimbira foni. Anaseka, n'kunena kuti pa bokosi palembedwa Cat6 ndi zilembo zoti ngakhale wakhungu awerenga. Ndinaitanitsa mabokosi asanu ndi limodzi.

Tsiku limene mabokosiwo anafika, a Lembani ananyamula bokosi limodzi, n'kuliika pansi, n'kulinyamulanso. Anati likupepuka.

"Mayi, kalata ija anayankha?"

"Anayankha, bambo. Zonse zili bwino, pepala lili mu faelo."

Anandiyang'ana kanthawi. Ndinaona kuti akufuna kulipempha pepalalo, koma ine ndinali nditagwira kale foni ngati ndikuimbira munthu. Ananyamula makwerero awo n'kukwera kumwamba.

Anagwira masiku asanu ndi anayi, mwendo womwe uja, mutu uli m'siling'i, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Kachipangizo kawo koyesera kanayaka bwino pa soketi iliyonse, poti iko kamangoona ngati timawaya tonse tafika mbali inayo mwadongosolo. Ine mtima unakhala pansi. Ndinadziuza kuti nkhalambayo imangokonda mapepala.

Patatha mwezi ndi theka, kamera ya kumapeto kwa khonde inayamba kuzima n'kuyakanso yokha. Kenaka foni ya m'chipinda chojambulira mapu, chomwe chili kutali kwambiri, inkafa munthu ali pakati polankhula. A Lembani akabwera kudzatsegula soketi, ankapeza kawaya katathyoka pomwe anakapanira. Akakonza iyi, mawa ina. Anzanga anayamba nthabwala zoti mawayawo atengera mwini wake kutsimphina, ndipo ine, ndinene zoona, ndinaseka nawo.

Tsiku lina mapu a kasitomala wamkulu analephera kutumizika pa nthawi yake, abwana n'kutiitana tonse awiri. A Lembani analowa ndi kachidutswa ka waya. Anatulutsa kampeni, n'kupala kawaya kamodzi pa desiki ya abwana. Kufiira kwa kopa kunachoka ngati utoto, mkati munali mbee. Anati waya yense wa pamwamba ndi wotero, palibe chokonza, koma kuzula.

Abwana anafunsa kuti nanga pepala lija amatisautsa nalo masiku onse lili kuti. A Lembani sanatembenukire kwa ine n'komwe.

"Bwana, ndinayala waya ndisanaone pepala ndi maso anga. Pamenepo ndinalakwa ndine."

Ndinali nditakhala pomwepo, mikono iwiri kuchokera pa iwo. Abwana anawauza kuti mwina ukalamba wafika, ndipo kuti ntchito yozula aipereka kwa ena. A Lembani anatola tizidutswa tawo pa desiki, kuti asasiye zinyalala, n'kutsazika mwaulemu.

Loweruka ndinapita kwa alamu ndi kachidutswa ka wayayo, mtima uli wokonzeka kukangana. Anakapala okha, nkhope n'kugwa. Iwo sankadziwa. Anali atasintha kumene amaoda, atangokhulupirira za pa bokosi. Ananditsegulira stoo yawo, mmene munali mabokosi ena makumi awiri a mtundu womwewo, ndipo anati ena anali atagulitsa kale ku sukulu ina. Nditawauza za kalata, anakhala pansi pa bokosi.

"Ukanandipatsa, mwana wanga. Ndikanaitumiza kwa amene amandiodetsawo, akanasowa choyankha, ine ndikanadziwira pomwepo. Unkaopa chiyani?"



Zinanditengera milungu itatu kuti ndikagogode kwa abwana. Ndinaika envulopu ija pa desiki, yosatsegula, deti limene ndinalemba pamwamba pake likuoneka. Anandikalipira, anandipatsa kalata yochenjeza, koma ntchito sanandichotse. Anati ndikawapepese a Lembani, ndiwauze kuti khomo n'lotsegula.

Ndinawapeza m'kashopu ka mwana wawo wachiwiri, pafupi ndi pokwerera basi, akusintha galasi la foni ya munthu. Anandipatsa mpando wawo, iwo n'kukhala pa kreti. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa envulopu mpaka pa kuseka nthabwala ija. Anamvetsera osasiya ntchito. Kenaka anati bodza langa analidziwa tsiku lomwe lija ananyamula bokosi, chifukwa munthu amene ali ndi pepala sachedwa kulitulutsa, koma anaona kuti kundiumiriza kukhala ngati kunditcha wabodza pamaso pa anzanga. Anati nawonso zimawadya mumtima, kuti anaopa nkhope ya munthu n'kusiya chimene ankachidziwa.

Ndinawauza uthenga wa abwana. Anapukusa mutu, nati mwendo sukulolanso makwerero, ndipo mwana wawo wawaletsa. Sindikudziwa ngati chinali chifukwa chenicheni. Anandifunsa za ana anga, mmodzimmodzi, ndi makalasi awo. Kenaka mwini foni uja anafika, iwo anaimirira kuti amuonetse kuti galasi likugwira, ndipo ine ndinatuluka n'kukaima pa mzere wa basi.