Madesiki a dzina la eni

Amuna anga ndi kalipentala, koma wa theka la chaka. Mvula ikangogwa, sowo ndi hamala zimalowa pansi pa bedi, iwo n'kutenga khasu. Akakolola mpamene amatulutsa benchi lawo pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Thambani, n'kumakhoma zitseko ndi timipando. Chikwangwani analibe, mapepala a bizinesi analibe, ndipo ine zinkandinyansa.

Chaka china komiti ya sukulu ya kwathu inalandira ndalama zogulira madesiki. Mayi wina wa m'komitimo, mnzanga wa kutchalitchi, anandinong'oneza kuti ntchito ikanakhala yathu, koma pankafunika koteshoni, pepala la mitengo, ya bizinesi yolembetsa, nambala ya msonkho, ndi akaunti ya kubanki ya dzina la bizinesiyo. Ndinafika kunyumba mtima uli m'mwamba. Ntchito imodzi imeneyo ikanatichotsa m'nyumba yaudzu.

"Abambo, mawa mukalembetse," ndinatero. "Ndigulitsa mbuzi zanga ziwiri zija."

Iwo anapitiriza kupala thabwa ngati sanamve. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa njira yake. Kulembetsa dzina n'kolipira, ndipo pena pamafunika ulendo wa ku Blantyre. Ena amati zimatheka pa intaneti, koma foni yathu ndi ya mabatani, ndiye n'kulipiranso wokuthandiza. Ukachoka apo upite ku ofesi ya msonkho, upite kubanki, upite kukhonsolo kukadula laisensi.

"Laisensiyo ndi ya chaka ndi chaka, mayi," anatero. "Siidziwa kuti ine ndili kumunda. A msonkho nawo akakulemba, amafuna uziwauza mmene bizinesi ikuyendera, ngakhale pamene sinayende. Sukuluyi igula madesiki kangati?"

"Ndiye tifere pansi pa mango?"

"Mapepala ndi abwino kwa amene amagulitsa kumaofesi mwezi ndi mwezi. Banki imamubwereka, matenda..." Anadzigwira n'kuseka. "Ndikuti matenda opikisanirana ntchito aja, osati a m'thupi. Ine makasitomala anga ndi anthu ofuna chitseko. Ndani anandifunsapo chidindo?"

Sindinaseke. Ndinawanena kuti ndi amantha, ndipo ndinawakumbutsa kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Masiku atatu ndinkangowayankha ndi mphuno. Tsiku la msika ndinamanga mbuzi zija ndekha, n'kuyamba kuzikoka. Ndili pa njira ndinakumana ndi mnzanga wa m'komiti uja, ndipo atamva kumene ndikupita anagwira pakamwa. Makoteshoni ankatseka Lachisanu la sabata yomweyo. Ngakhale tikanathamanga bwanji, mapepala onsewo sakanatuluka pa masiku anayi. Komanso kukhala nawo sikunali kupambana, poti komiti inkayenera kuyerekeza mitengo ya anthu atatu. Ndinabwerera nazo mbuzi zanga, manyazi ali tho. Amuna anga anangondithandiza kumasula zingwe.

Ntchito anaipata bambo wina wa golosale ku Mwanza boma, amene mapepala ake amalola kugulitsa chilichonse, kuyambira choko mpaka simenti. Ndinalira ndithu, ndipo ndinalira mobisa kuti ndisapatse munthu mpata wonditonthoza.

Patatha sabata ziwiri, pikapu inaima pakhomo pathu. Anatsika bambo wa golosale uja, nsapato zake zonyezimira, n'kupempha kuonana ndi amisiri. Munthuyo sankadziwa n'komwe kugwira sowo. Kukhomera madesiki kuboma n'kuwanyamula pa msewu wathu wafumbiwu kukanamudyera phindu, ndiye anafunsa za kalipentala wapafupi, anthu n'kumulozera mtengo wa mango.

"Matabwa ndi misomali ndibweretsa ndine, achimwene," anatero. "Inu manja okha. Theka la malipiro ndikupatsani lero."

Ndinali kukhitchini, koma khutu linali panja. Nditamva amuna anga akuvomera, ndinangokhala pansi. Mpumulo wake sindingaufotokoze. Ntchito inabwera yokha, mbuzi zili m'khola, ndipo palibe ofesi imene tinaiponda.

Sindinama, gawo lonona linapita kwa mwini chidindo. Titamva mtengo umene sukulu inalipira pa desiki imodzi, amuna anga anati ntchito zotere zikadzabwera zaka zitatu zotsatizana adzapita okha kukalembetsa. Ine ndinati ndidzawaperekeza. Ndalama zathuzo zinakwana malata a chipinda chimodzi, china chikadali chaudzu.

Tsiku lopereka madesiki ndinapita nawo kusukulu. Pa desiki iliyonse anali atalembapo ndi penti dzina la golosale ija. Aphunzitsi aakulu anayamikira kuti anthu a kuboma amadziwa ntchito, makolo n'kuwomba m'manja. Amuna anga anaima kumbuyo, utuchi ukadali m'tsitsi, nawonso ankawomba m'manja.