Wowotcherera Wokana Theka

Wowotcherera mageti wina watha zaka makumi awiri akubweza anthu ofuna kulipira theka pashedi pake. "Za theka ayi, pano si patchalitchi," amatero.

Lolemba anapita kukagula jenereta kwa mayi a sitolo ya zitsulo, omwe iye anawabweza chaka chatha atabwera ndi theka la mtengo wa geti. Atayesa kulipira pafoni, banki inakana: ndalamazo zinapyola malire a tsiku limodzi.

"Mayi, ndilipire theka lero, theka linalo mawa," anapempha, mawu atazilala.

"Za theka ayi, bambo. Tengani chiphaso, akakukwezereni malire kubanki."

Anaima pamzere maola atatu akutukwana chamumtima, malire n'kukwezedwa. Pobwerera anapeza jeneretayo akuikweza pangolo ya wowotcherera mnzake, amene mayiwo anamulola kulipira theka.