Lichero la Mayi mu Vidiyo Yathu

Kwathu ku Nkhulambe munthu akangokhalapo ku Blantyre miyezi itatu amabwera ali katswiri wa zonse. Ine ndidabwerako ndi foni ya kamera yabwino, ndiye msuweni wanga, woimba gitala m'bandi yawo ya anthu anayi, adandisankha kuti ndiwajambulire vidiyo. Adamva kuti wailesi yakanema ina ikulandira mavidiyo a oimba akumidzi mpaka Lachisanu. Mkazi wake adali atamuuza kale kuti nyimboyo ikapanda kuoneka pa kanema, gitala igulitsidwe, iye abwerere kukamunda ka nandolo kamene adatsala nako.

Nyimboyo inali ya Chilomwe, chimene ine ndimangochimva mwa apo ndi apo ngakhale ndine mwana wa Alomwe. Manyazi adandiletsa kufunsa tanthauzo. Ndidangomva kuti ndi yothamanga, ndipo ndidalemba pulani yanga m'kope: chithunzi choyamba, chapatali, phiri la Mulanje kumbuyo, chachiwiri, chapafupi, zala pa gitala, pa kolasi, woimba atatsamira galimoto, magalasi akuda kumaso. Galimotoyo inali minibasi yakufa ya pa Boma, ndiye ndidalemba kuti tijambule kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, matayala ophwa asaoneke. Malaya owala anali amodzi okha, choncho aliyense ndidamuikira kujambulidwa payekha, azibwerekana. Nyimbo ndidati tiziiliza pa sipika kuti milomo igwirizane ndi mawu. Zowalitsira nkhope tinalibe, ndiye ndidati tikute lichero la mayi ndi pepala lonyezimira.

Lachitatu m'mawa ndidapita kukapempha licherolo, ndipo pofuna kudzitama ndidawawerengera mayi pulani yonse, nyimbo ikulira pa foni. Adaseka mpaka kukhala pansi. Ndidapsa mtima, sindinama.

"Iwe, wamva zimene akuimbazi?" adatero mayi. "Munthu akulira kuti mvula ija yamkuntho idamukokolera munda, watsala ndi miyala. Ndiye iwe ukumuveka magalasi pa minibasi?"

Msuweni wanga, atafunsidwa, adati adaona kale kuti sizikugwirizana, koma amaganiza kuti ku Blantyre amatero. Zoona, anthu inu, bandi yonse idavomera kuvina pa maliro a munda chifukwa choopa kope langa!

Ndidang'amba masamba atatu. Pulani yatsopano idakwana tsamba limodzi: chapatali, msuweni wanga yekha pakati pa miyala pomwe panali munda wake, chapafupi, manja akufukula mchenga, kolasi, anayi onse atakhala pa mwala, malaya owala aja atasiyidwa kunyumba. Tidajambula m'mamawa Lachinayi, dzuwa lisanawawe, batire itatsala theka.

Vidiyo idaoneka pa kanema kamodzi, masana, ndipo gitala idapulumuka. Mlamu wanga, mkazi wa msuweni uja, adaionera pa foni yanga. Itatha adandibwezera foniyo, napukuta m'maso ndi chitenje, n'kundifunsa ngati pamene adaima mwamuna wake paja ndi pamene panali mtengo wawo wa mango. Ndidati sindikudziwa. Iye adati ndi pomwepo.