Zidutswa Zinayi za Madamu Ankoo

Ana a pasukulupo amawatchula kuti Madamu Ankoo, chifukwa mawu amenewo sachoka pakamwa pawo. Mwana akatchula bwino, "Encore." Akalakwitsa, "Encore." M'Chifalansa ndiye kuti bwereza. Ngakhale ahedi akamawafuna amatuma mwana kuti akaitane a Ankoo, ndipo iwo amabwera osakwiya.

Ndi mayi wamfupi, wa imvi m'mbalimu, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Aphunzitsa Chifalansa zaka makumi awiri, ndipo zaka zonsezo buku lakhala limodzi, lopanda chikuto, loyambira patsamba 9. Ana m'kalasi amapitirira makumi asanu ndi limodzi. Choncho buku limagona m'chikwama, ntchito nkumagwiridwa ndi pakamwa, manja ndi miyendo. Nyimbo amapeka okha akamachapa.

Amene amawadziwa bwino mayendedwe awo ndi telala wa pakhonde la golosale, moyang'anizana ndi geti la sukulu. Ndi mayi wachitsikana, sukulu analekezera Fomu 2, ndipo ali ndi mwana mmodzi yekha, wa sitandade 4, amene amamutchula Kabatani chifukwa cha kuchepa. Telalayu amapalasa makina diso lina lili pansalu, lina kugeti. Kabatani amachita chibwibwi. Chaka chatha anzake anamuseka atakakamira pa mawu amodzi pamaso pa kalasi yonse, ndipo anakhala milungu itatu akubisala pansi pa tebulo la makina, osafuna kumva za sukulu. Kuchokera pamenepo, belu likangolira, mtima wa mayi ake umagunda mpaka aone nkhope imene mwana watuluka nayo.

Lachiwiri lina masana Madamu anaoloka msewu nkuima pakhondepo.

"Atelala, ndabwera kudzapempha zinyalala zanu."

"Zinyalala, Madamu?"

"Zidutswa izi mukupondazi. Zofiira, zobiriwira, zachikasu ndi zabuluu. Mawa ndikuphunzitsa mitundu. Buku langa lili ndi zithunzi, koma zonse nzakuda ngati makala. Ndiwauze ana kuti ichi nchofiira, andiyesa wamisala."

Anagwada okha nkuyamba kusankha m'thumba la zidutswa, pepala limene anali nalo m'manja atalisiya pamakina. Telala sanafune kuwerenga za eni, koma maso alibe mpanda. Chinali chikonzekero cha phunziro la mawa, cholembedwa kuseri kwa kalendala yakale.

Pamwamba panali cholinga: pomaliza, mwana azindikire ndi kutchula mitundu inayi, rouge, vert, jaune, bleu. Zipangizo: zidutswa za nsalu. Mphindi zisanu zoyamba, nyimbo ya moni ya mlungu watha. Mphindi khumi, mphunzitsi akweze nsalu nkutchula mtundu wake, ana angomvetsera kaye, kenako abwereze onse pamodzi, kenako mzere ndi mzere. Mphindi zisanu, nyimbo yatsopano ya mitunduyo. Mphindi khumi zomaliza, masewera oonera ngati amva: onse aimirire, mphunzitsi aloze mwana mmodzi nkukweza nsalu, kalasi iwerenge un, deux, trois. Wosayankha pofika pa trois akhale pansi.

Telala anawerenganso mzere womalizawo. M'maganizo anamuona Kabatani milomo itatsekeka pa bleu, kalasi yonse ikumuwerengera. Koma iye ndani kuti akonze ntchito ya munthu amene anayamba kugwira choko iye akadali kamwana? Anatenga sizasi nkuyamba kudula zidutswazo kuti zifanane, maso akadali papepala lija.

"Mukudula chala, mwanangu," anatero Madamu. "Chavuta nchiyani?"

"Palibe, Madamu."

"Palibe wake ameneyo ndimamudziwa. Ndimamumva kwa ana tsiku lililonse. Encore."

Telala anaseka pang'ono, kenako analoza pansi pa pepalapo.

"Pepani, ndawerenga. Apa pa trois. Wanga uja mawuwo adzakhala akuwadziwa, koma sadzatuluka. Mukamufulumizitsa ndiye mwatseka chitseko. Akakhala pansi woyamba, Lachinayi sindidzamutulutsa pansi pa tebuloli."

"Kamtsikana ka pawindo kaja? Kosakweza mkono? Ine ndimayesa nkamanyazi chabe."

"Koma poimba sakakamira. Nyimbo yanu ya moni ija amaiimba yonse akusamba, mpaka bambo ake anafunsa ngati talandira mlendo kubafa."

Madamu anakhala pa mpando wa makasitomala, pepala lili pamaondo.

"Masewera amenewa ndawachititsa zaka khumi," anatero. "Ana amawakonda, amakuwa mpaka ahedi amasuzumira. Koma ndimayang'ana otsala chiimire. Okhala pansiwo sindinawawerengepo. Bwerekeni pensulo."

Telala anawapatsa yolembera miyezo. Madamu anadula mzere pa masewerawo nkulemba m'mphepete, akulankhula okha.

"Cholinga chikuti azindikire ndi kutchula. Sichikuti athamange. Kuzindikira kaye: mwana aliyense agwire chidutswa chake, ndikatchula vert, a vert okha akweze. Pamenepo ndiona amene wamva popanda wina kutsegula pakamwa. Kutchula: kalasi ifunse moimba, gulu lililonse liyankhe moimba, kenako mmodzimmodzi, moimbabe. Wolakwitsa anzake a mtundu wake amuthandize, abwereze." Anakweza mutu. "Koma mwadziputira ntchito, atelala. Zinayi sizikwananso. Aliyense afunika chake."

Anadula onse awiri mpaka dzuwa kupendeka. Chachikasu chinavuta, mpaka telala anang'amba pilo yake yakale.

M'mawa mwake, belu la phunziro lachitatu litalira, telala anaphimba makina nkuuza mwini golosale kuti akupita kukagula ulusi.

"Ulusi wayamba kugulitsidwa kusukulu?" anafunsa mwini golosale.

Telala anangooloka msewu. Anakaima kuseri kwa kalasi, pafupi ndi zenera losweka galasi, pamene ankaona mwana wake koma mwanayo osamuona. Kabatani anali atapatsidwa chabuluu. Telala analuma mlomo. Mwa mitundu yonse inayi, Madamu anasankha womwe uja iye ankauopa.

"Jaune," anatero Madamu, ndipo zidutswa za pilo zinakwera m'mwamba. "Bleu." Mkono wa Kabatani unakwera limodzi ndi ya anzake, osachedwa. Kenako nyimbo inayamba, ana akuomba m'manja. Kalasi imafunsa kuti "De quelle couleur?", kutanthauza kuti ndi mtundu wanji, gulu nkuyankha. Gulu lofiira, gulu lobiriwira. Atatha magulu, Madamu anayamba kuyenda m'mizere, akugwira paphewa mwana mmodzimmodzi, nyimbo osaima. Anafika pawindo. Telala anagwira khoma.

"C'est bleu, c'est bleu," anaimba Kabatani, ndi mawu aang'ono koma osaduka.

"Encore," anatero Madamu.

Anaimbanso, mokwezako. Dzanja la Madamu linapita paphewa lina, ndipo palibe mwana amene anacheuka.

Telala anabwerera kukhonde alibe ulusi, mwini golosale nkungomuyang'ana akumwetulira. Poweruka Kabatani anafika chidutswa chija atachimanga pamkono, nkuyamba kutola nsalu za makasitomala akuziimbira mitundu yake. Pa mawu ena olankhula amakakamirabe monga kale, koma Lachinayi anadzuka yekha nkuvala yunifolomu.

Madamu Ankoo akadali pasukulupo, ndi buku lawo loyambira patsamba 9. Lolemba lililonse amaoloka msewu ndi pepala la kalendala nkulisiya pamakina, ati kuti manja apepuke posankha zidutswa. Telala amaliwerenga, iwo nkumachita ngati sakuona. Mlungu uno akuphunzitsa manambala, ndipo apempha mabatani akale makumi awiri.