Magalasi Opyapyala a Alamu Anga

Ndinayamba kuvala magalasi ndili ku sekondale, ndipo chaka ndi chaka maso anga ankangonka nafooka. Pamene ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nsaru, adokotala anali atandiyeza mayinasi eyiti diso lililonse. Tanthauzo lake ndi lakuti ndikavula magalasi, munthu woima pakhomo sindingamuzindikire ngati ndi amuna anga kapena wogula nkhuku.

Galasi la munthu wosaona patali limakhala lopyapyala pakati koma lokhuthala m'mbali, ndipo nambala ikamakwera m'mbalimo mumanka mukhuthala. Langa linkachita kutuluka mu felemu ngati pansi pa botolo. Kulemera kwake kunandisiyira timabala tiwiri pamphuno. Nyengo yotentha thukuta likayamba, magalasiwo ankatsetsereka, ine n'kumawakankha ndi chala cha choko mpaka nkhope yonse mbuu. Chaka china titagulitsa mtedza, amuna anga anati ndipite ku Lilongwe ndikafunse za magalasi opepuka amene mnzanga wina wa kuntchito anatiuza.

Nkhaniyi inawapeza alamu anga, akulu awo a amuna anga. Iwowa ndi mlimi wa fodya, mkulu wa mpingo, komanso munthu amene palibe nkhani imadutsa pamudzi osaikapo mlomo. Anabwera kwathu masana, nakhala pa mpando wabwino kuposa yonse.

"Mlamu, kodi amene mwavalawo simukuonera?"

"Ndikuonera, alamu, koma akulemera."

"Kulemera? Ndowa ya madzi mumasenza, tigalasi timeneti ndiye tikulemereni? Kumeneko ndi kufuna kutchena basi. Mng'ono wanga, ukalekerera zimenezi mawa adzafuna mano agolide."

Anaseka okha mpaka kutsokomola. Amuna anga anangoyang'ana pansi, koma sanasinthe maganizo. Tsiku la ulendo ndinadabwa kuwapeza alamu omwewo pa siteji ya minibasi, atavala jekete. Anati nawonso akukayezetsa maso chifukwa zilembo za m'buku la nyimbo "zikusindikizidwa zazing'ono masiku ano." Buku lake linali lomwe lija anagula asanakwatire.

Woyeza maso anali mayi wodekha. Atandiyeza, ananditengera magalasi awiri a mphamvu yofanana ndi yanga, nawaika pathebulo moyandikana. Lina linali lokhuthala ngati langa, linalo linali lochepako moonekeratu. Anati lachiwirilo amalitcha hai indekisi. Pulasitiki yake imakhotetsa kuwala kwambiri, choncho galasi silifunika kukhuthala kuti lifike pa mphamvu yomweyo.

"Koma ndisakunamizeni, amayi," anatero. "Simudzaona bwino kuposa mmene muonera ndi magalasi wamba oyezedwa bwino. Chimene mukugula ndi kupepuka ndi kuchepa kwa m'mbali. Pa nambala yanuyi kusiyanako mudzakumva pamphuno tsiku ndi tsiku, ndiye ndalama yake siyotayika."

Anandichenjezanso kuti magalasi otere amanyezimira kwambiri, ndiye amafunika kupakidwa zoletsa kunyezimira, ndipo zimenezo zimawonjezera mtengo. Anati ena akayang'anira cha m'mbali amaona timitundu pamphepete pa zinthu. Nditaloza felemu yaikulu imene inandikopa mtima, anapukusa mutu. Felemu ikakula galasi limafika kutali ndi pakati, kumene ndiye kokhuthala, ndipo phindu la hai indekisi limathera pomwepo. Anandisankhira yaing'ono yozungulirako, yoti diso likhale pakatikati.

Nthawi yonseyi alamu anali pa benchi, makutu ali tcheru. Atalowa iwo kukayezedwa, zinapezeka kuti patali amaona bwinobwino, vuto ndi la ukulu chabe. Ankafunika magalasi owerengera a pulasi wani ndi hafu.

"Anuwa ndi osavuta, bambo. Magalasi wamba akukwanirani."

"Wamba?" Mawuwo anawalasa ngati minga. "Nanga apamwamba aja mumawauza mlamu wangayu?"

"Inu sangakuthandizeni. Galasi lanu ndi lopyapyala kale. Mutaika awiriwo pamodzi simungasiyanitse n'komwe."

"Mwaona jekete yakutha mwayesa sindingakwanitse, eti? Ine ndagulitsa fodya, mayi. Mphunzitsi wa pulayimale avale apamwamba, ine mkulu wa mpingo ndivale wamba?"

Mayi uja anayesa kachiwiri, mofatsa, kuti ndalamayo akanagulira zina. Alamu anakweza mawu mpaka anthu a pa benchi anayamba kusuzumira. Pomaliza mayiyo anangokweza mapewa n'kulemba zimene afuna. Munthu yemwe uja ankanena za mano agolide anasankha felemu yonyezimira ngati golide. M'minibasi pobwerera anandifotokozera ine, mwini maso odwala, ubwino wa hai indekisi kuyambira ku depoti mpaka pa Nsaru.

Magalasi athu anachita kuitanitsidwa, ndipo tinadikira ndithu asanafike. Anga nditawavala ndinagwira kumaso kuti nditsimikize ngati alipodi. M'mbali munali mukadali mokhuthalako, pakuti mayinasi eyiti sabisika, koma osati ngati kale. Masiku oyamba ndikayang'anira pakona ndinkaona kamzere kabuluu m'mphepete mwa zenera la kalasi, kenako ndinazolowera kutembenuza mutu wonse. Timabala ta pamphuno tinapola. Ndinkatha kuwerama n'kuchonga makope a ana popanda kugwirira magalasi ndi dzanja linalo.

Alamu ndiye anatipatsa zoonera. Anauzidwa momveka kuti awo ndi owerengera basi, akafuna kuona patali azivula. Koma chinthu chodula chotere n'kumachibisa m'thumba? Ankawavala popita kumsika, ku maliro, ngakhale kuchigafa kwa fodya, akuyenda monyang'ama ngati akuwoloka mtsinje chifukwa njira inkaoneka mwa chimbuuzi. Aliyense wowapatsa moni ankayamba walandira phunziro la hai indekisi.

Lamulungu lina anaimirira kutsogolo kuti alengeze za mpingo. Zolembedwa anawerenga bwinobwino. Atakweza mutu, magalasi ali pamphuno, anaona mayi wina akulowa mochedwa atavala chitenje chatsopano.

"Tili ndi mlendo pakati pathu," anatero mwaulemu wonse. "Amayi, taimani pomwepo mutiuze kumene mwachokera."

Anali akazi awo. Amayi a chigwirizano anabisa nkhope m'mipango, mapewa akugwedezeka. Abusa anayang'anitsitsa denga ngati likudontha.

Madzulo ake alamu anafika kwathu atakwiya. Mlandu sunali wawo ayi. Anati mayi wa ku Lilongwe uja anasinthanitsa dala, magalasi enieni apamwamba anapatsa ine, iwo n'kuwaikira achabechabe. Ndinavula anga n'kuwapatsa kuti ayese. Atangowavala anagwira khoma, nawavula msangamsanga, maso akuphethira.

"Nawonso awa ndi owonongeka," anatero.

Kuyambira pamenepo akaima kutsogolo kwa mpingo amawatsitsira kunsonga kwa mphuno n'kumayang'anira pamwamba pake. Amawapukuta ndi malaya omwe achokera nawo kumunda, moti tsopano ali ndi mikwingwirima yokhayokha. Mwezi wathawu ndinawamva pa Nsaru akulangiza mlimi mnzawo amene maso ayamba kumuvuta powerenga. Ankamuuza kuti asalole kupatsidwa magalasi wamba, chifukwa anthu a m'tauni amapeputsa alimi. Mnzawoyo anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anatembenuka n'kufunsa ine kumene kuli chipatala cha maso.