Mwini Wake: Tonse

Pa saiti pomwe ankamanga sukulu yatsopano onse ankamutchula kuti Mayi Mwina, moti ena sankadziwa n'komwe dzina lake lenileni. Anayamba ngati kalaliki wa sitolo ya simenti, kenaka anamukweza kuti azisunga kaundula wa ziopsezo za pulojekiti. Ntchitoyo inamuyenera, pakuti ngakhale kunyumba anali munthu wonyamula ambulera dzuwa likuswa mtengo. Mwamuna wake ankati anakwatira mkazi amene amayamba wafufuza khomo lothawira asanakhale pansi m'tchalitchi. Mwamunayo ntchito inali itamuthera kalekale, ndiye ana awo atatu ankadya za kaundula yemweyo.

Kaundulayo sanali wovuta. Choipa chilichonse chimene chingagwere ntchitoyo chinali ndi mzere wake. Ankachipatsa nambala, kuyambira wani mpaka faifi, ya mpata woti chichitike, ndi ina ya kukula kwa chiwonongeko chake. Akachulukitsa ziwirizo, zazikulu zinkafiira pa kompyuta. Kenaka pamabwera danga la mwini wake, munthu mmodzi woti achitepo kanthu, ndi tsiku lodzaunikanso.

Danga la mwini wake ndi limene linali ndi mfiti. Anthu ophunzira bwinobwino ankamva ngati akuti "wolakwa". Ukangotchula dzina la munthu, nkhope yake inkachita ngati wamwa mankhwala owawa.

Mzere umene unkamusowetsa mtendere Mayi Mwina unali wa paipi yakale ya zonyansa za m'zimbudzi za m'tauni, imene inkadutsa penapake pansi pa malowo. Penipeni palibe ankadziwa. Mpata woti makina okumba aiboole anaupatsa folo, chiwonongeko faifi. Twente, kufiira kuti psuu. Chochita chinali chodziwika: kukatenga mapu a mapaipi ku khonsolo, ndi kuyamba kukumba pamanja maenje ofufuzira.

"A injiniya, ndilembe inu?" anafunsa pa msonkhano mu kontena imene inali ofesi yawo.

"Ine ndimajambula za pamwamba, mayi. Zokumba n'za a folomani."

"Aaa, ine ndimakumba pomwe mwandilozera," anatero folomani, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

Bwana wa pulojekiti anaseka mwaulemu wake uja wonyansa. "Tisalozane zala, ndife banja limodzi. Lembani kuti Tonse."

"Bwana, pamafunika munthu mmodzi. Tonse ndikamuimbira pa nambala iti?"

Anaseka onse, koma bwana sanasinthe. Mayi Mwina analemba Tonse.

Bambo Tonse ameneyu anali waulesi woopsa. Ku khonsolo sanapiteko, khasu sanaligwire. Tsiku lounikanso likafika, lomwe linali Lolemba loyamba la mwezi, Mayi Mwina ankawerenga mzerewo mokweza, anthu n'kumayang'ana mafoni awo. Bwana ankangoti, "Tikuziona, sunthani deti." Mwezi wina anamuuza kuti atsitse folo ija ikhale thuu, chifukwa eni ndalama sakonda zofiira. Apo pokha anakana, ndipo kuyambira pamenepo moni wa bwana unafupika.

Paipi inaphulika m'mawa wina makina akukumba maziko a chipinda chomaliza. Fungo ndi limene linayamba kufika mu kontena. Atatuluka anapeza ngalande zonse za maziko zadzaza, zinthu zakuda zikuyandama, matewera ndi nsanza zitakola pa zitsulo zomwe anamanga dzulo lake. Ntchentche zinabwera ngati zaitanidwa. Woyendetsa makina anatsika n'kusanza pa tayala. Injiniya ndi folomani anaima patali, mipango kumphuno, aliyense akuloza mnzake ndi chigongono.

Mayi Mwina anabwerera pa desiki, nachotsa mzerewo pa ziopsezo n'kuuika pa mavuto amene achitika kale, monga mwa dongosolo. Zakunjazo zinamunyansa, koma osati ngati anthuwo.

Eni ndalama anafuna dzina la wolakwa. Patapita masiku bwana anamuitana, atatseka mawindo chifukwa fungo linali lisanathe.

"Mayi, nkhaniyi yakula. Kaundula ndi wanu. Munasiya bwanji chiopsezo chofiira chopanda mwini wake weniweni?"

"Munanena ndinu kuti ndilembe Tonse."

"Ine sindinagwire kompyuta yanu."

Anamukankhira envulopu pa tebulo osamuyang'ana. Mayi Mwina sanaitsegule, ankadziwa zomwe zinali m'katimo. Anaganiza za ana ake, kenaka anayang'ana nsapato za bwana, zopukutidwa bwino, zopanda kadontho ngakhale kamodzi.

"Ndingodziwa chimodzi, bwana. Wagamula kuti ndichoke ndani? Ndinu?"

Bwana anatambasula manja ngati wodabwa.

"Ayi, mayi, musanditenge choncho. Si ine. Tagwirizana tonse."